Sivi ya ofuna ulekichala: komiti imawerenga ndi pensulo m'manja

Wofunsira ntchito kubanki kapena kukampani amauzidwa kuti sivi yake isapitirire masamba awiri. Ya munthu wofuna ulekichala payunivesite ilibe malire otere, ikhoza kufika masamba asanu kapena kuposa popanda woidandaula. Chovuta chake chili pena. Anthu amene amaiwerenga nawonso ndi ochita kafukufuku, ndipo mzere uliwonse amaufunsa mafunso awiri: kodi tingautsimikize, nanga ukulemera bwanji? Sivi yabwino imayankhiratu mafunsowa asanafunsidwe.

Ndondomeko yake sisinthasintha kwambiri. Pamwamba pamakhala dzina, foni, imelo ndi nambala ya ORCID, yomwe imaperekedwa kwaulere ndipo imasiyanitsa wofufuza ndi anzake ofanana naye dzina. Kenako maphunziro, ntchito zimene munthu wagwirapo, zolemba zake, ndalama za kafukufuku, kuphunzitsa, misonkhano, ndipo pomaliza anthu omuchitira umboni, omwe nthawi zambiri amafunika atatu. M'gawo lililonse chatsopano chimayamba, chakale chimatsirizira. Mudzi, mfumu yaikulu, mpingo ndi timu ya mpira zingotsala kunyumba, pokhapokha ngati chilengezo cha ntchito chazipempha.

Pa maphunziro pali kamsampha kamene kanabwera mu 2021, pamene University of Malawi inagawidwa, Polytechnic n'kukhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing n'kuphatikizana kukhala KUHeS. Amene anamaliza ku Polytechnic mu 2016 digiri yake ndi ya University of Malawi, ndipo alembe dzina limene lili pasatifiketi. Akalemba MUBAS, sivi ndi pepala zitsutsana patebulo la komiti. Pa masitazi ndi digiri ya udokotala muonjezere mutu wa kafukufuku ndi dzina la amene anakuyang'anirani.

Gawo la zolemba ndi limene limagwetsa ambiri. Tiyerekeze mayi wina wa masitazi ya zaulimi amene waika zinthu 11 pansi pa mutu umodzi wakuti "Publications". Kwa iye chiwerengerocho n'chopatsa mphamvu. Koma mkulu wa dipatimenti akatenga pensulo, apeza kuti nkhani zitatu zokha ndi zimene zinatuluka m'magazini a kafukufuku akatswiri ena ataziunika. Imodzi inavomerezedwa koma sinasindikizidwe, ziwiri zikadali m'manja mwa ounika, pali chaputala chimodzi cha m'buku, buku lake la masitazi, malipoti awiri amene analembera bungwe lomwe si la boma, ndi nkhani imodzi ya m'nyuzipepala. Palibe chabodza pamenepa. Vuto n'lakuti mayiyu wapereka chimanga chosapeta, ndipo wowerenga amene wakakamizika kupeta yekha amayamba kukayikira ngati mankhusuwo anasiyidwamo dala.

Kukonza kwake n'kugawa mndandandawo. Zitatu zounikidwa zikhale pazokha pamwamba, iliyonse ndi olemba onse motsatana monga analembedwera m'magazinimo, chaka, mutu, dzina la magazini, voliyumu, masamba ndi DOI, yomwe ndi adiresi yokhazikika ya nkhaniyo pa intaneti. Dzina lake alilembe ndi zilembo zakuda kwambiri kuti lioneke msanga, koma asalisunthire kutsogolo ngati anali wachinayi. Yovomerezedwa ija ikhoza kukhala nawo pamndandandawu italembedwa kuti "in press", bola kalata ya mkonzi ilipo. Ziwiri zija zipite pa kamutu kawokawo kakuti "Under review", chifukwa kutumiza nkhani si kuilandiritsa, mawa ikhoza kubwezedwa. Chaputala pachokha, malipoti paokha, ndipo buku la masitazi libwerere ku gawo la maphunziro. Zimene akulembabe kunyumba ndi bwino kuzitchula m'kalata yofunsira ntchito kusiyana ndi kuziika musivi.

Ndiye pali funso lowawa. Tinene kuti imodzi mwa zitatu zija inatuluka m'magazini amene anamuitana okha pa imelo, n'kuivomereza m'masiku asanu popanda ndemanga ya wounika aliyense, atangolipira. Kulipira pakokha si mlandu, magazini ambiri odalirika amalipiritsa. Chizindikiro choipa ndi liwirolo, kusowa kwa ndemanga, ndi magazini amodzi kusindikiza za mankhwala, malamulo ndi zomangamanga nthawi imodzi. Komiti imayang'ana ngati magaziniwo akupezeka m'malo monga DOAJ, AJOL kapena Scopus, ndipo ntchitoyi imangotenga mphindi zochepa. Kwa ine nkhani yotereyi isakhale pamndandanda wa zounikidwa. Mayiyu atsala ndi ziwiri ndi imodzi yoyembekezera kusindikizidwa, koma ndi zoti akhoza kuziikira kumbuyo pa intavyu osachita thukuta.

Pa ndalama za kafukufuku, mzere uliwonse unene wopereka, mutu wa polojekiti, zaka, kuchuluka kwa ndalama ndi udindo wa mwini siviyo. Udindowo ndi umene anthu amakonda kuubisa. Mtsogoleri wa kafukufuku amalemba "PI", wothandizana naye amene dzina lake lili pa pempho amalemba "Co-I". Mayi wathu uja analembedwa ntchito yosonkhanitsa mayankho kwa alimi mupolojekiti yaikulu ya mamiliyoni; imeneyo ndi ntchito yabwino, koma malo ake ndi gawo la ntchito zimene wagwirapo, pakuti ndalamazo sanazipemphe ndiye. Kandalama kochepa kamene anapempha yekha, tinene ku NCST, n'kuwina, kakulemera kuposa polojekiti yaikuluyo. Ndalama zilembedwe mu mtundu umene zinaperekedwera, madola akhale madola, pamodzi ndi chaka chake. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho K5 miliyoni ya 2019 si yofanana ndi ya lero, ndipo wowerenga afunika chakacho kuti aiyeze bwino. Sikolashipu ndi thandizo la ulendo zikhale pa kamutu kena.

Mawu akuti "ndaphunzitsa makosi osiyanasiyana" sauza komiti kanthu. Imafuna kudziwa ngati munthuyu angalowe m'kalasi semesita ikubwerayi popanda womugwira dzanja. Choncho tchulani dzina la kosi, chaka cha ophunzira, kuchuluka kwawo, masemesita angati, ndi zimene munkachita: kukonza kosi yonse ndi mayeso ake, kuphunzitsa mbali imodzi, kapena kuyang'anira ophunzira mulabu ndi kuchonga. Kuphunzitsa ophunzira 250 a chaka choyamba ndi luso lina, kutsogolera 12 a chaka chachinayi ndi linanso. Ophunzira amene munawayang'anira pa kafukufuku wawo atchulidwe mwa chiwerengero, ndipo munene amene anamaliza. Ngati chilengezo chatchula makosi amene akusowa mphunzitsi, ndipo zolemba zanu n'zochepa, palibe cholakwa kukweza gawoli pamwamba pa zolemba. Amene anaphunzitsapo kusekondale asabise, koma akuike pakamutu kake.

Misonkhano ndi gawo lopepuka mwa onsewa, ndipo lisatenge malo ambiri. Lembani mutu wa zimene munakamba, dzina la msonkhano, mzinda, mwezi ndi chaka, n'kusonyeza ngati munaitanidwa kukayankhula, munakamba pamaso pa anthu, kapena munapachika posita. Ngati anakamba ndi mnzanu inu mutatsala, zinenedwe. Msonkhano umene munangopitako kukamvetsera ndi kulandira satifiketi ya kupezekapo sulowa pano, ngakhale unachitikira kunja kwa dziko. Mayi uja anali ndi misonkhano isanu ndi iwiri pasivi yake yoyamba. Itachoka yomvetsera chabe, inatsala itatu, umodzi mwa iyo wa posita.