Kasitomala Akanena Kuti Walipira Kale

Ku Nkhata Bay usipa wouma wambiri umagulidwa ndi anthu okhala kutali, monga ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Chiyambireni Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, ogulawa amalipira pafoni. Ine ndimalemba maakaunti a mayi anga aang'ono omwe amachita malondawa, ndipo mawu amene ndimawamva kawirikawiri ndi akuti, "Ndatumiza kale, kwezani katundu." M'nkhani ino ndifotokoza momwe ndimayankhira ngati ndalamazo sizikuoneka.

Choyamba, sindinena kuti "simunalipire", chifukwa mawuwa amamveka ngati ndikumutcha munthu wabodza, pomwe mwina walipiradi. Ndimangonena zomwe ndikuona kumbali yanga. Mwachitsanzo, kasitomala wa ku Lilongwe ataoda usipa wa K185,000, ndinamulembera kuti: "Zikomo bambo potidziwitsa. Ndalamazi sizinaonekebe kuno. Chonde titumizireni chithunzi cha uthenga wotsimikiza malipiro, woonetsa tsiku, nthawi, kuchuluka kwa ndalama, nambala yomwe munatumizako ndi nambala ya malipiro. Tikangozipeza, katundu anyamuka."

Chilichonse mwa zimenezi chili ndi ntchito yake. Tsiku ndi nthawi zimandiuza pofufuza m'sitetimenti yathu. Kuchuluka kwa ndalama kumaonetsa ngati munthu walipira zonse kapena theka. Nambala yolandira imaulula ngati chala chinaphonya. Nambala ya malipiro, yomwe pafoni imalembedwa kuti Transaction ID, ndi imene kampani ya foni kapena banki imagwiritsa ntchito polondola ndalama.

Komatu chithunzi pachokha si umboni wokwanira, pakuti akamberembere amatha kusintha uthenga wakale. Uthenga weniweni wolandira ndalama umabwera m'dzina la kampani, osati kuchokera pa nambala ya munthu wamba. Choncho ndimaimba *211# ku Airtel Money kapena *444# ku Mpamba n'kuona ndekha ngati ndalama zawonjezekera. Akakhala kuti analipira kudzera kubanki, ndimapempha mzere umodzi wa sitetimenti yawo woonetsa kuti ndalama zinachotsedwadi. Ndimawauza kuti aphimbe zina zonse, ndipo nambala yachinsinsi sindiifunsa ngakhale pang'ono.

Bambo a ku Lilongwe aja atatumiza chithunzi, zonse zinali bwino kupatula nambala yolandira: inathera pa 68 m'malo mwa 86. Ndalama zinachokadi kwa iwo, koma zinapita kwa munthu wina. Ndinawalangiza kuti aimbire kampani yawo ya foni msanga, atchule nambala ya malipiro, wolandirayo asanatape ndalamazo. Wodandaula amayenera kukhala wotumizayo, chifukwa akaunti ndi yake.

Usipawo unakhalabe m'nyumba mpaka ndalama zitaoneka m'sitetimenti yathu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo thumba likakwera minibasi ya ku Mzuzu silibwereranso.