Kochi watsopano wafika pasukulu: chikalata cha atolankhani chiyambire pati?

Zikalata zambiri zimene masukulu a sekondale amatumiza kwa atolankhani zimayamba ndi mbiri ya sukulu: chaka chimene inatsegulidwa, ana amene anakhoza mayeso a Fomu 4, mpaka kuthokoza makolo. Dzina la kochi watsopano, amene ndiye mwini nkhani, limadzapezeka m'ndime yachinayi. Mkonzi wa zamasewera safikako kumeneko. Malo akachepa patsamba iye amadula nkhani kuyambira pansi, ndipo wowerenga nkhani pawailesi amangotenga ziganizo ziwiri kapena zitatu zoyambirira. Choncho cholemera chikhale pamwamba, chopepuka pansi.

Pansi pa dzina la sukulu ndi deti pabwere mutu wa mzere umodzi wokhala ndi mneni: "Sekondale Yakuti yasankha a Uje kukhala kochi wa timu ya atsikana." Kenako ndime yoyamba, yomwe iyenera kuima payokha ngakhale zina zonse zitadulidwa. Tiyerekeze motere:

"Sukulu ya sekondale Yakuti, m'boma la Dedza, yasankha a Uje kukhala kochi wamkulu wa timu yake ya mpira wamiyendo ya atsikana. Iwo ayamba ntchito Lolemba pa 8 September, ndipo agwirizana ndi sukuluyi kwa zaka ziwiri."

Taonani kuti timu yatchulidwa bwinobwino. Pasukulu imodzi pamakhala timu ya anyamata, ya atsikana ndi ya ntchemberembaye, ndiye mukangoti "timu yathu" mtolankhani aganiza kuti ndi ya anyamata. Tsiku nalo lalembedwa ndi deti. Mawu oti "mawa" amanama chikalata chikagona masiku atatu m'foni ya mkonzi.

Ndime yachiwiri iyankhe funso loti a Uje ndi ndani, ndipo apa ndi pamene ambiri amaterereka. Kulemba kuti ndi "katswiri wodziwa bwino ntchito yake" sikuuza munthu kanthu. Nenani matimu amene anaphunzitsapo, zaka zake, ndi chiphaso chimene ali nacho. Ngati ndi CAF D, lembani CAF D. Musachikweze kukhala C pofuna kuti sukulu imveke. Atolankhani a zamasewera amadziwana ndi akuluakulu a FAM, foni imodzi yokha bodza laululika. Ahedi ayambe achiona chiphasocho ndi maso awo. Nenaninso ngati kochiyo ndi mphunzitsi wa pasukulu pomwepo kapena wochokera kunja. Makolo amafuna kudziwa zimenezi kuposa zina zonse, makamaka pamene mlendoyo azikhala ndi ana awo aakazi kubwalo madzulo. Ngati pali mphunzitsi wamkazi amene aziyenda ndi timu, chiganizo chimenecho chisasowe.

Mawu olankhulidwa akwane awiri: a ahedi ndi a kochi. Ahedi anene chifukwa chimene asankhira munthu ameneyu, kochi anene chimene ayambe kuchita. "Ndiyamba ndi kuona ana a Fomu 1 sabata yachiwiri ya teremu" ndi mawu amene mtolankhani angawagwiritse ntchito. "Ndine wokondwa kwambiri" amanena aliyense. Wolemba angathe kuwakonzera mawuwo, koma eni ake awawerenge ndi kuvomereza asanatuluke. Ndipo kochi asalonjeze chikho. Ana a Fomu 4 amene akumenya bwino lero chaka chamawa kulibe.

Za kochi wakale zimafuna chiganizo chimodzi chokha, koma chisasowe, chifukwa mukachisiya mtolankhani akafunsa yekha kumsika. Ngati anasamutsidwira kusukulu ina kapena anapuma pantchito, nenani choncho ndi kumuthokoza. Ngati munasiyana mokangana, lembani kuti analowedwa m'malo mwezi wakuti, basi. Chikalata si bwalo la milandu. Chachikulu n'chakuti iyeyo ndi osewera amve kaye kwa ahedi, asadzamvere pawailesi.

Mbiri ya sukulu ija tsopano ipeze malo ake kumunsi, mizere iwiri kapena itatu, pamodzi ndi mmene timu inachitira m'mipikisano ya masukulu chaka chatha. Pomalizira pakhale dzina, udindo ndi nambala ya munthu mmodzi amene amayankhadi foni, osati ahedi amene amakhala kumisonkhano tsiku lonse. Zonsezi zikwane tsamba limodzi.

Potumiza, ambiri amajambula pepala lodindidwa chidindo n'kuliponya pa WhatsApp. Chidindocho chimatsimikiza kuti nkhani ndi yoona, koma si nthawi zonse pamene mtolankhani angathe kukopera mawu pachithunzi; akamalembanso yekha ndi pamene mayina amalakwika. Tumizani zonse ziwiri, chithunzi cha pepalalo ndi mawu olembedwa. Chithunzi cha kochi chipite pachokha, dzina lake lili m'munsi. Ngati m'chithunzimo muli ana asukulu, yambani mwapempha chilolezo kwa makolo awo. Ndipo musaiwale wailesi ya m'dera lanu: nkhani ya timu ya sekondale imalowa msanga kumeneko kusiyana ndi ku Nation kapena Daily Times, kumene tsamba limadzadza ndi Bullets ndi Wanderers.