Chithunzi chowala pa sikirini, chakuda papepala: vuto limakhala pati?

Chaka chatha ndinajambula ukwati wa mwana wa mchemwali wanga. Panali chithunzi chimodzi chimene banja lonse linachikonda: mkwati ndi mkwatibwi ataima pakhomo la tchalitchi, anamwino atavala zitenje zabuluu kumbuyo kwawo. Pa kompyuta yanga chinkaoneka bwino zedi. Mapindo a suti yakuda ya mkwati ankaoneka limodzilimodzi, nkhope yake ikunyezimira. Nditakachitenga kosindikizitsa, mtima unangoti myuu. Suti inangokhala chinthu chimodzi chakuda bii, nkhope ya mkwati itamira mumthunzi, buluu wa zitenje atazilala ngati nsalu yochapidwa kambirimbiri.

Ndinayamba kuloza chala pulinta, kenako inki, kenako mnyamata amene anandisindikizira. Iye anangondifunsa mwaulemu kuti, "Kodi achimwene, sikirini yanu munaiyezapo kuwala kwake?" Funso limenelo ndi limene linandionetsa kuti wonama sanali pulinta. Inali sikirini yanga.

Sikirini ndi pepala zimaonetsa mitundu m'njira zosiyana kotheratu. Sikirini ndi nyale. Imatulutsa yokha kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, ndipo mitundu itatuyi ikaphatikizana yonse mwamphamvu pamatuluka kuyera. Pepala lilibe kuwala kwakekwake. Limangobweza kuwala kwa dzuwa kapena kwa babu, ndipo inki iliyonse imene yagwerapo imameza gawo la kuwalako. N'chifukwa chake chinthu choyera kwambiri pa chithunzi chosindikizidwa sichingapose kuyera kwa pepala lenilenilo, ndipo pepalalo silingawale kuposa chipinda chimene mwalinyamuliramo. Popeza pepala silingakwere kufika pamene pali sikirini, sikirini ndi imene iyenera kutsika kuti ikumane ndi pepala. Ntchito yonse yoyeza ndi kukonza sikirini yagona pamenepa.

Kuwala ndiye gwero la madandaulo ambiri

Kuwala kwa sikirini kumayezedwa m'makandela pa sikweya mita, ndipo m'mapulogalamu mumalembedwa kuti cd/m². Masikirini ambiri amachoka kufakitale atawaika pa makandela 250 kapena kuposerapo, kuti azikopa maso m'sitolo. Koma wokonza zithunzi zoti zisindikizidwe amafunika kuwala kwa pakati pa makandela 80 ndi 120: chakumunsi ngati chipinda chili ndi mdima pang'ono, chakumtunda ngati n'chowala.

Taonani mmene kusiyana kumeneku kunawonongera chithunzi changa. Mu kompyuta, kuwala kwa kadontho kalikonse ka chithunzi kumalembedwa ndi nambala kuyambira 0, kuda kotheratu, mpaka 255, kuyera kotheratu. Mapindo a suti ya mkwati anali pa manambala otsika kwambiri, cha m'ma 10 ndi m'ma 20. Sikirini yowala mopitirira inkandionetsa kusiyana pakati pa manambala amenewa, choncho sindinaone chifukwa choti ndiwalitse mithunzi. Papepala, manambala otsika chotere amaphatikizana n'kukhala mdima umodzi. Pulinta inasindikiza mokhulupirika zimene zinali mu failo. Kwa ife amene timajambula anthu akhungu lakuda, nkhaniyi n'njaikulu, chifukwa maonekedwe ambiri a nkhope amakhala chakumdima kumeneku. Mukalakwitsa pang'ono, munthu amatsala maso ndi mano okha.

Pali njira yoyambira yosalira ndalama. Tsegulani tsamba loyera lopanda kanthu pa sikirini. Tengani pepala losasindikizidwa la mtundu umene mudzagwiritse ntchito, muliike pambali pa sikirini, pamene likulandira kuwala kumene mumaonera zithunzi zanu. Tsitsani Brightness mpaka kuyera kwa sikirini kufanane mphamvu ndi kuyera kwa pepalalo. Poyamba sikirini idzaoneka ngati yazima, koma pakapita mphindi zochepa maso amazolowera. Pa Windows palinso kapulogalamu kothandiza kukonza ndi maso. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe:

```
dccw
```

Kapulogalamuka kamakutsogolerani pokonza kuwala ndi imvi ya sikirini. N'kothandiza, koma kamadalira maso anu, ndipo maso ndi onyengeka: amazolowera chilichonse chimene ayang'ana kwa nthawi n'kuyamba kuchiona ngati cholondola.

Kuyera nakonso kuli ndi mtundu

Ikani pepala loyera pansi pa babu lachikasu, kenako mutuluke nalo panja masana. Ndi pepala lomwelo, koma kuyera kwake kwasintha. Kuyera kumayezedwa m'makelivini, olembedwa ndi chilembo K. Nambala ikakhala yotsika, kuyera kumapendekera kuchikasu. Ikakwera, kumapendekera kubuluu. Muyezo wa sRGB, umene makampani a HP ndi Microsoft anaukonza mu 1996 ndipo ndi umene zithunzi zambiri za m'mafoni ndi pa intaneti zimatsata, umagwiritsa ntchito kuyera kwa pafupifupi 6500 K, kotchedwa D65. Osindikiza mabuku ndi magazini amaonera ntchito yawo pansi pa nyale ya 5000 K, yotchedwa D50, monga mmene muyezo wa ISO 3664 umanenera.

Kwa wojambula zithunzi wamba, malo abwino oyambira ndi 6500 K. Ngati pepala likuonekabe lachikasu poyerekeza ndi sikirini, tsitsani kufika cha pa 5500 K n'kuyerekezanso. Koma musanasinthe kanthu, yang'anani kaye babu lanu. Chithunzi chiweruzireni pafupi ndi zenera masana, pamalo osafika dzuwa mwachindunji, kapena pansi pa babu lolembedwa 5000 K. Sikirini nayo isayang'anizane ndi zenera, ndipo khoma lopakidwa penti yowala kumbuyo kwake limasokoneza maso.

Kachipangizo kamene sikanyengeka

Njira yodalirika ndi kugwiritsa ntchito kalarimita, kachipangizo kakang'ono ngati mbewa ya kompyuta, kamene kamayeza mtundu weniweni umene sikirini ikutulutsa. Odziwika ndi a Datacolor Spyder ndi a Calibrite. Amabwera ndi pulogalamu yawo, komanso pali pulogalamu yaulere yotchedwa DisplayCAL imene imagwira ndi ambiri mwa iwo. Ine ndinachita kubwereka kwa mnzanga, ndipo ojambula angapo akhoza kusonkherana n'kugula kamodzi, chifukwa ntchito yake ndi ya mphindi zochepa pamwezi.

Ndinayatsa sikirini n'kuisiya kwa mphindi 30 kuti kuwala kwake kukhazikike. Ndinaibwezera mmene inachokera kufakitale, n'kuzimitsa Night light, imene imaika chikasu pa sikirini madzulo, ndi chilichonse chimene chimasintha kuwala chokha. Ndinapukuta fumbi, n'kupendeketsa sikirini chagada pang'ono kuti kachipangizo kagone bwino pagalasi, chingwe chake chikulendewera kumbuyo. Pulogalamu inandifunsa zinthu zitatu. Kuyera ndinasankha 6500 K. Gama, kapena kuti mmene kuwala kumakwerera kuchoka pakuda kufika poyera, ndinasankha 2.2, imene ndi ya nthawi zonse. Kuwala ndinasankha makandela 100, poti chipinda changa chili ndi makatani.

Muyezo woyamba unaonetsa kuti sikirini inali kuposa makandela 250. Ndinatsitsa Brightness pang'onopang'ono, nambala ikutsika nayo, mpaka inafika pa 100. Kenako sikirini inayamba kuphethira mitundu, wina pambuyo pa unzake: kufiira, kubiriwira, buluu, imvi zosiyanasiyana. Pa mtundu uliwonse kachipangizoko kankayerekeza zimene kompyuta yalamula ndi zimene zatulukadi. Pamapeto pulogalamu inalemba kafailo kotchedwa pulofailo ya ICC. Dzinali likuchokera ku bungwe la International Color Consortium, limene linakhazikitsidwa mu 1993 kuti zipangizo za makampani osiyana zizimvana pa nkhani ya mitundu. Pulofailo ndi kalata yofotokoza khalidwe la sikirini yanuyo, kuti mapulogalamu okonzera zithunzi adziwe pamene imanama n'kuwongolera.

Nditatsegulanso chithunzi chaukwati chija, suti inali yakuda bii, nkhope ili mumthunzi, ndendende mmene zinalili papepala. Apa m'pamene ndinatha kuwalitsa mithunzi ndikuona zenizeni.

Kuona pepala musanawononge pepala

Suti inakonzeka, koma buluu wa zitenje anali akadali wowala pa sikirini kuposa papepala. Ili linali vuto lina. Pali mitundu imene kuwala kumatha kupanga koma inki singathe, makamaka buluu wakupsa, kubiriwira kowala ndi pepo. Kuyeza sikirini sikungapatse inki mphamvu imene ilibe. Chimene mungachite ndi kuoneratu kutayikako.

Pamafunika pulofailo yachiwiri, ya pulinta pamodzi ndi pepala lake, pakuti pepala lonyezimira ndi losanyezimira zimalandira inki mosiyana. Opanga mapepala ambiri amapereka mapulofailo amenewa, ndipo kosindikizitsa kwabwino mukawapempha amakupatsani. Mu Photoshop pitani pa View > Proof Setup > Custom, musankhe pulofailoyo, muchonge Black Point Compensation ndi Simulate Paper Color. Chithunzi chidzazilala nthawi yomweyo, ndipo kuzilalako ndiko choonadi cha pepala. Mukadina Shift+Ctrl+Y, malo onse amene inki singawafikire amaphimbidwa ndi imvi. Pa chithunzi changa zitenje zinaphimbidwa. Ndinachepetsa kupsa kwa buluu mpaka imviyo inachoka, ndipo maluwa a pachitenje, amene poyamba anamira mu buluu mmodzi, anaonekanso.

Ngati pepala likusiyanabe ndi sikirini, kasiyanidwe kake kamaulula chimene chalakwika. Chithunzi chonse chikada, sikirini ikadali yowala kapena chipinda chimene mukuonera chili ndi mdima. Chikatuluka cha pinki kapena chamatope, kawirikawiri mitundu yakonzedwa kawiri: mukasankha Photoshop Manages Colors, muyenera kuzimitsa kukonza mitundu mu pulogalamu ya pulinta. Mukaona timizere kapena mtundu umodzi ukusoweka, timabowo totulutsa inki tatsekeka, ndipo sikirini ilibe mlandu. Ngati mitundu ikusintha mukangoweramitsa mutu, monga zimachitikira pa malaputopu otsika mtengo okhala ndi sikirini ya TN, kachipangizo sikangathetse zimenezo. Pamafunika sikirini ya IPS. Musaweruzenso chithunzi chikangotuluka kumene, pakuti inki ikamauma mtundu umasintha pang'ono.

Sikirini imasintha ikamakalamba, choncho ndimaiyeza kamodzi pamwezi, ndipo batani la kuwala sindilikhudzanso ndikayeza. Chithunzi chachiwiri ndinakachipereka ndekha kwa mchemwali wanga. Anachitengera pakhonde, n'kuchiyang'ana kwa nthawi, kenako anagwira ndi chala pathumba la suti ya mkamwini wawo, pamene panali kampango kakuda kamene pa chithunzi choyamba sikankaoneka n'komwe.