Chenjezo la satifiketi: yambani mwayang'ana tsiku

Chrome ikalemba kuti "Your connection is not private", anthu ambiri amathamangira kuganiza kuti mbava zalowa mufoni. Nthawi zambiri si choncho. Satifiketi ndi chiphaso cha webusaiti, ndipo mawu ang'onoang'ono amene ali m'munsi mwa chenjezolo amanena chimene chavuta pa chiphasocho.

Mukaona NET::ERR_CERT_DATE_INVALID, vuto ndi la masiku, koma mwina wolakwa ndi inu. Tinene kuti kompyuta yakale yatha kabatire kamene kamasunga nthawi, magetsi athima, ndipo poyatsanso ikuonetsa chaka cha 2010. Satifiketi ya chaka chino imaoneka ngati nthawi yake sinakwane, choncho pafupifupi webusaiti iliyonse yoyamba ndi https ikana, ngakhale Google imene. Chizindikiro chake ndi chimenechi. Konzani tsiku ndi nthawi, kenako mutsegulenso tsambalo.

Nanga tsiku likakhala lolondola, koma webusaiti imodzi yokha ndiyo ikukana? Apo satifiketi yatha ntchito, eni ake anaiwala kuikonzanso. Za Let's Encrypt zambiri zimatha pa masiku 90, ndiye zoterezi sizachilendo. Inu palibe chimene mungakonze.

Choyenera kusamala nacho kwambiri ndi NET::ERR_CERT_COMMON_NAME_INVALID. Apa dzina la pa satifiketi silikugwirizana ndi adiresi imene mwalemba. Mwina satifiketiyo ndi ya www.example.com pomwe inu mwalemba example.com yokha. Mwinanso Wi-Fi ya pahotela ikufuna mulowe kaye patsamba lake. Koma akhozanso kukhala wina amene wakutchingirani njira. Ngati ndi tsamba la banki, musalembepo nambala yanu yachinsinsi mpaka chenjezolo litachoka.