Lole yakale yapita, koma m'buku ikadalimo

Wabizinesi akasiya lole yake yakale kwa ogulitsa galimoto, n'kuwonjezerapo ndalama kuti atenge yatsopano, mumtima amangoti wagula galimoto. Komatu pamenepo pachitika malonda awiri: wagulitsa yakale, wagulanso yatsopano. Ambiri amalemba kugulako kokha, ndipo ndi apa pamene mabuku amayambira kunama.

Tiyerekeze kuti mayi wina wa golosale adagula lole pa K20 miliyoni, n'kuganiza kuti imugwirira ntchito zaka 5. Chaka chilichonse ankachotsera K4 miliyoni ya kutha kwa galimoto, imene akauntanti amati dipirisiyeshoni. Patha zaka 3, ndiye kuti yachotsedwa K12 miliyoni, ndipo m'buku loleyo yatsala ya K8 miliyoni. Nambala imeneyi si mtengo wa pamsika ayi. Ndi gawo la ndalama zogulira limene silinawerengedwe ngati lotha.

Tsopano lole yatsopano ndi ya K45 miliyoni. Wogulitsa akuti yakaleyo ailandira pa K6.5 miliyoni, mayiyo alipire K38.5 miliyoni. Chinthu cha K8 miliyoni chapita pa K6.5 miliyoni, choncho waluza K1.5 miliyoni, ngakhale palibe tambala imene yasowa m'thumba.

Polemba, amatsegula akaunti yapadera ya katundu wochotsedwa. Kumanzere, ku debiti, amaikako K20 miliyoni, kuichotsa mu akaunti ya galimoto. Kumanja, ku kirediti, kumapita K12 miliyoni ya kutha kuja, pamodzi ndi K6.5 miliyoni ya wogulitsa. Kumanjaku kwaperewera K1.5 miliyoni, ndipo imeneyo amaisamutsira ku lipoti la phindu la chakacho ngati ndalama yoluza. Lole yatsopano imalowa pa mtengo wake wonse, K45 miliyoni.

Cholakwa chimene chimandidetsa nkhawa ndi cholemba yatsopanoyo pa K38.5 miliyoni yokha, poti ndiyo ikuoneka pa sitetimenti ya ku banki. Mukatero kuluza kuja kumabisala, ndipo lole yoti idapita kale imapitiriza kuchotseredwa K4 miliyoni pachaka. Kuzigwira n'kosavuta: werengani galimoto zimene zili pabwalo, muyerekeze ndi zimene zili m'kaundula wa katundu.

Wogulitsa akadati K9 miliyoni, kumanja kukadaposa, n'kukhala phindu la K1 miliyoni. Kuno ku Malawi zimenezi sizachilendo, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chifukwa galimoto yogulidwa ndi kwacha yakale ikuyesedwa ndi mitengo ya lero. Koma phindu lotere lifunseni bwino. Ogulitsa ena amakweza mtengo wa yakale m'malo motsitsa wa yatsopano. Afunseni kuti mukadabwera ndi ndalama zokhazokha akadakutchajani zingati. Akati K43 miliyoni, ndiye kuti yakaleyo ailandira pa K7 miliyoni, yatsopano ilembedwe pa K43 miliyoni, ndipo mayi uja waluza K1 miliyoni.