Kuwokera tsitsi pa dazi: yambani mwayang'ana kunkhongo

Masiku ano munthu akamera dazi samangouzidwa kuti ndi chizindikiro cha chuma n'kuseka. Pa foni pake amaona zithunzi za amuna omwe adapita ku Istanbul, m'dziko la Turkey, ali ndi dazi lowala n'kubwerako patapita chaka tsitsi lili bii mpaka pamphumi. Opaleshoni imeneyi ilipodi ndipo imagwira ntchito. Koma chomwe otsatsa malonda sakonda kunena ndi ichi: dotolo salenga tsitsi latsopano ngakhale limodzi. Amangozula lomwe muli nalo kunkhongo ndi m'mbali mwa mutu, n'kukaliwokera padazi, monga mlimi amachitira ndi mbande za ku nazale. Kusiyana kwake n'kwakuti nazale iyi simeranso. Pomwe pazulidwa, papita basi.

Chifukwa chomwe amatengera tsitsi la kunkhongo ndi chakuti dazi la amuna ambiri limayamba ndi mchere wa m'thupi wotchedwa DHT, womwe umafooketsa mizu ya pamphumi ndi paliwombo mwa anthu omwe dazi ndi la kumtundu. Mizu ya kunkhongo sigonja msanga ku mcherewu, ndipo ikasamutsidwa imapita ndi khalidwe lake lomwelo. Dotolo wa khungu wa ku New York, Norman Orentreich, ndiye adafotokoza zimenezi mu 1959, ndipo ntchito yonseyi yatsamira pamenepo.

Tsitsi silimera limodzilimodzi. Limamera m'timagulu ta tsitsi limodzi mpaka anayi, ndipo kagulu kotere ndiko madotolo amawerenga komanso kulipiritsa. Pali njira ziwiri zotengera timaguluti. Mu njira ya FUT amadula kachigamba ka khungu kakatali kunkhongo n'kusoka, kenaka n'kukagawa timagulu. Imasiya chipsera cha mzere. Mu njira ya FUE amazula kagulu kalikonse pakokha ndi kachitsulo kosaposa milimita imodzi kukula kwake. Imasiya timadontho ta zipsera tambirimbiri. Amene angakuuzeni kuti njira yake ilibe chipsera akukunamizani, ndipo kwa ife omwe timakonda kumeta mpala nkhaniyi si yaing'ono, chifukwa pa mpala chilichonse chimaonekera.

Tsono tiyeni tiwerengere pamodzi. Mwa anthu ambiri, timagulu tomwe tingazulidwe moyo wonse popanda kuwononga maonekedwe a nkhongo ndi pafupifupi 6,000, ena kupitirirako pang'ono, ena kuchepera. Titenge mnyamata wa zaka 27 yemwe tsitsi lathothoka kutsogolo pa malo a masentimita 10 mulitali ndi 7 mulifupi, ndiko kuti timabokosi 70 ta sentimita imodzi mbali zonse. Kuti paoneke podzaza, dotolo amaika timagulu pafupifupi 35 m'kabokosi kalikonse, ngati theka chabe la momwe tsitsi limamerera mwachilengedwe. Ntchito yonseyo idya timagulu 2,450, ndipo kwatsala 3,550. Chaka chikatha mnyamata wathu akuoneka bwino ndithu.

Vuto ndi lakuti dazi silidaime. Ngati atatsata bambo ake ndi malume ake, pofika zaka 40 dazi likhoza kufika paliwombo n'kukwana timabokosi 200. Malo atsopano 130 afuna timagulu 4,550, pomwe iye watsala ndi 3,550 tokha. Akapanda kubwereranso, atsala ndi chilumba cha tsitsi kutsogolo, kumbuyo kwake kuli mbee, maonekedwe oipa kuposa dazi lenilenilo. N'chifukwa chake dotolo wanzeru amazengereza kugwira mutu wa munthu wosakwana zaka 25, amafunsa za dazi la akumtundu, ndipo amakana kutsitsa mzere wa tsitsi kufika pomwe udali muli ku sekondale. Ine ndikaona chipatala cholonjeza timagulu 5,000 tsiku limodzi kwa aliyense, asanaupime n'komwe mutuwo, ndimadandaula, chifukwa pamenepo nkhongo imatsala yoyoyoka ngati yadwala zipere, ndipo palibenso pokatenga tsitsi lokonzera.

Tsitsi lathu la anthu akuda lili ndi zake. Kupotana kwake kumathandiza, chifukwa tsitsi lochepa limaphimba malo aakulu. Koma kupotanako kumayambira pansi pa khungu: muzu ndi wokhota, choncho kachitsulo kowongoka kamatha kuudula pakati, kagulu n'kufa kasanawokeredwe. Komanso pa sentimita imodzi timakhala ndi tsitsi locheperako kusiyana ndi azungu, ndiye chiwerengero cha 6,000 chija kwa ambiri a ife n'chokwera. Funsani dotolo kuti akuonetseni zithunzi za anthu a tsitsi ngati lanu, kuphatikizapo nkhongo zawo atameta.

China ndi zipsera zotupa, zomwe achipatala amati keloyidi. Ngati kuboola khutu kapena bala laling'ono lidakusiyirani chotupa cholimba, kapena muli ndi tizilonda totupa kunkhongo tomwe timabwera mukameta, muyambe mwaonana ndi dotolo wa khungu. Ena amayamba ayesa timagulu towerengeka n'kudikira miyezi ingapo kuti aone momwe khungu lipolere.

Amayi nawo asathamange. Tsitsi lothothoka m'mphepete mwa mphumi chifukwa cha malukidwe okoka kwambiri, meshi ndi mawigi omata limatha kumeranso lokha mukasiya kulikoka msanga. Likakhala kuti lidatheratu kalekale, kuwokera kumathandiza, bola osabwereranso ku malukidwe omwewo. Koma pali kuthothoka kwina komwe kumayambira paliwombo n'kumafalikira, khungu likuyabwa kapena kuwawa, kenaka n'kusalala. Amenewo ndi matenda a khungu, ndipo tsitsi lowokeredwa matendawo asanazizire limafanso. Chimodzimodzi tsitsi lothothoka mozungulira ngati ndalama yachitsulo, kapena chifukwa cha kuchepa kwa magazi, chithokomiro kapena uchembere: izi zimafuna kupimidwa ndi mankhwala, osati mpeni.

Nanga mtengo? Ku Britain bungwe la zaumoyo la NHS silichita opaleshoniyi chifukwa ndi yodzikongoletsa, ndipo limati m'zipatala zolipira mtengo umayambira pa mapaundi 1,000 mpaka 30,000 malinga ndi kukula kwa ntchito. Ku Istanbul ambiri amalipira madola a ku America pakati pa 2,000 ndi 4,000, hotelo ili momwemo. Wochokera ku Lilongwe kapena ku Chipata awonjezerepo tikiti ya ndege, chiphaso cholowera m'dzikolo, ndi ndalama ya ulendo wachiwiri womwe masamu athu aja aonetsa kuti ungadzafunike. Awonjezerenso mankhwala oteteza tsitsi lotsala: minokisidili wopaka ndi finasiteraidi wakumwa wa miligalamu imodzi patsiku. Mukasiya, kuthothoka kumayambiranso. Finasiteraidi amachepetsa chilakolako cha m'banja mwa amuna ena ochepa, ndipo mayi woyembekezera sayenera kumwa ngakhale kugwira mbulu wake wosweka.

Opaleshoniyo imatenga maola ambiri, pafupifupi tsiku lonse, muli maso, atakubayani jakisoni wa dzanzi. Kutupa kwa mphumi ndi nkhanambo masiku oyambirira n'zosadabwitsa. Tsitsi lowokeredwalo limathothoka pakatha masabata angapo, limayamba kuphuka pa miyezi itatu kapena inayi, ndipo zotsatira zenizeni zimaoneka pakati pa miyezi 12 ndi 18. Zoopsa ndi izi: mafinya, kutentha thupi, ululu womwe ukukulirakulira, kapena khungu lomwe likuda mwachilendo pamalo owokeredwa, chizindikiro chakuti magazi sakufikapo. Osuta fodya ndi odwala shuga wosatsika ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Zikatere pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osangotumiza chithunzi kwa omwe mudawasiya kutsidya kwa nyanja.

Musanalipire kalikonse, funsani dzina la dotolo yemwe adzacheke khungu lanu ndi manja ake, pakuti m'zipatala zina zotchipa ntchitoyi imasiyidwa m'manja mwa othandizira. Mufunseninso kuti kunkhongo kwanu kuli timagulu tingati tomwe tingazulidwe, ndipo tidzatsala tingati akamaliza. Akalephera kuyankha, sungani ndalama zanu.