Intigiro Yapawiri: Ikakana Choimirira, Idzereni Chopingasa

Pali samu ina imene aphunzitsi a kalikyulasi amakonda kutcherera nayo ophunzira. Imalembedwa motere:

∫₀¹ ∫ₓ¹ e^(y²) dy dx

Wophunzira amayamba ndi intigiro yam'kati, monga mwa lamulo, ndipo pomwepo amakakamira. Palibe fomula wamba imene ingatuluke ukachita intigiro ya e^(y²). Si kuchepa nzeru ayi: katswiri wa ku Falansa, Joseph Liouville, anaonetsa m'zaka za m'ma 1830 kuti maintigiro a mtundu umenewu fomula yotere alibe. Komabe samuyi ili ndi yankho lake, ndipo limapezeka m'mizere itatu yokha.

Tiyambe ndi chimene zizindikirozi zikunena. Intigiro yapawiri ndi kuphatikiza. Pali dera lafulati, ndipo pa kadontho kalikonse ka deralo pali nambala. Ife tikufuna zonse pamodzi. Taganizani za munda wa chimanga umene mbali zina wabereka kwambiri, mbali zina pang'ono. Wokolola angathe kutsata mzere umodziumodzi, kuunjika za mzerewo, kenako kuphatikiza miluyo. Angathenso kudula mizereyo chopingasa. Chimanga cholowa m'nkhokwe n'chimodzimodzi, bola asadumphe phesi kapena kulowa m'munda wa mnzake.

Ntchito yeniyeni ndiye ili pa malire. Mu samu yathuyi, malire akunja akuti x ayende kuchokera pa 0 kufika pa 1. Am'kati akuti, pa x aliyense amene wasankhidwa, y ayambire pa mzere wa y = x n'kukwera mpaka pa y = 1. Jambulani zimenezi papepala, musadalire mutu. Mupeza dera la makona atatu: (0,0), (0,1) ndi (1,1). Samuyi yaliduladula m'timizere toimirira, tatitali kumanzere, tatifupi kumanja.

Tsopano lidulenso dera lomweli m'timizere togona. Sankhani y mmodzi, tinene y = 0.6, ndipo mukoke mzere kuchokera kumanzere. Ukulowa m'dera pa x = 0, ukutuluka pamene wagunda mzere wopendekeka uja, pa x = 0.6. Ndiye kuti pa y aliyense, x akuyenda kuchokera pa 0 kufika pa y. Timizere timeneti tayala deralo kuyambira pansi pa y = 0 mpaka pamwamba pa y = 1. Samu ija yasanduka:

∫₀¹ ∫₀ʸ e^(y²) dx dy

Apa zinthu zafewa. Intigiro yam'kati ikuyenda ndi x, ndipo mu e^(y²) mulibe x, choncho timangochulukitsa ndi kutalika kwa kamzereko, komwe ndi y. Tatsala ndi ∫₀¹ y·e^(y²) dy. Kachilembo y kabwera kutsogoloko ndi kamene kamasowa poyamba paja, chifukwa intigiro ya y·e^(y²) ndi ½·e^(y²). Kuika 1 ndi 0 kukutipatsa (e − 1)/2, pafupifupi 0.859.

Yankho lotere ndi bwino kuliyesa. Kukula kwa dera lathu ndi 0.5, ndipo e^(y²) sichepera 1 komanso sipitirira e, amene ndi pafupifupi 2.718. Zotsatira ziyenera kugwa pakati pa 0.5 ndi 1.36. Nambala yathu ili momwemo.

Ambiri amagwa posinthanitsa dx ndi dy, malire n'kungowanyamula momwe analili. Amapezeka kuti x wakhala pa malire akunja, yankho lomaliza n'kutuluka lili ndi chilembo m'kati. Chimenecho ndi chizindikiro chokwanira kuti penapake palakwika: malire akunja amayenera kukhala manambala okhaokha, ndipo am'kati angadalire chilembo chakunja basi. Ena amaika malire a 0 ndi 1 paliponse, osazindikira kuti akuwerengera dera la makona anayi, lokula kuwirikiza kawiri. Ine ndikadakhala wochonga mayeso, wophunzira wosajambula dera ndikadamuchotsera malikisi ngakhale yankho atalipeza.

Chilolezo chotembenuza dongosololi chimatchedwa ndi dzina la Guido Fubini wa ku Italiya, amene anachitsimikizira mu 1907. Chili ndi polekezera pake. Tengani (x² − y²)/(x² + y²)² pa dera limene x ndi y onse akuyenda kuchokera pa 0 kufika pa 1. Mukayamba ndi y, mupeza π/4. Mukayamba ndi x, mupeza −π/4. Vuto lili pa kona ya (0,0), pamene nambalazo zimakula mopanda malire, zina kumbali yoonjezera, zina kumbali yochotsera, ndiye zotsatira zimadalira zimene mwayamba kuphatikiza. Choncho musanatembenuze, yang'anani kaye ngati fomula yanu ikuphulika penapake m'deralo kapena m'mphepete mwake. Ngati ikuyenda bwinobwino paliponse, monga e^(y²) pa makona atatu aja, tembenuzani mosaopa.